Kufotokozera dokotala ululu m'Chijeremani: mafunso ndi mayankho

Ku Jeremani munthu akadwala sathamangira kuchipatala chachikulu. Amayamba kwa dokotala wa m'dera lake, amene amamutcha Hausarzt, kapena Hausärztin ngati ndi mayi, ndipo kachipatala kake ndi Praxis. Dokotala ameneyu amakhala ndi odwala ambiri pabenchi, choncho mphindi zanu n'zochepa. Mumphindi zimenezo afuna kumva zinthu zinayi: pamene pakuwawa, tsiku limene zinayamba, mmene pakuwawira, ndi kukula kwa ululuwo. Mayankho ali m'munsiwa akuzungulira pa zinthu zinayi zimenezi.

Ndikaimba foni kupempha tsiku loonana ndi dokotala, ndinene chiyani?

Pafoni pamayankha mlembi wa pakhomo, osati dokotala. Mutchule dzina lanu, kenako munene kuti: „Ich hätte gern einen Termin." Kumeneku ndi kunena mwaulemu kuti mukupempha nthawi yoonana ndi adokotala. Akufunsani „Worum geht es?", kutanthauza kuti nkhani yake ndi yotani. Apa musabise mawu. Mukangoti simukumva bwino, akhoza kukulembani sabata yamawa. Ngati ululu ndi waukulu nenani kuti „Ich habe starke Schmerzen, es ist dringend", ndiko kuti ndikumva kuwawa kwambiri, n'zachangu. Madokotala ambiri ali ndi nthawi imene amalandira odwala mwadzidzidzi opanda kulembetsa, ndipo mungaifunse ndi dzina lake, Akutsprechstunde.

Mvetserani bwino nthawi imene akupatsani. „Halb zehn" ndi 9:30, osati 10:30, chifukwa Ajeremani amawerenga theka lopita ku ola lotsatira. Bwerezani nthawiyo mokweza: „Also neun Uhr dreißig?" Ndipo musaiwale khadi la inshuwalansi, Versichertenkarte, chifukwa ndi limene adzayambe kukufunsani mukangofika.

Kodi „pakundiwawa" amati chiyani?

Pali njira ziwiri, ndipo zonse n'zolondola. Yoyamba ndi kulumikiza chiwalo ndi mawu akuti Schmerzen, amene ndi ululu: „Ich habe Kopfschmerzen" ndi mutu, „Ich habe Bauchschmerzen" ndi m'mimba, Rückenschmerzen ndi msana, Zahnschmerzen ndi dzino, Halsschmerzen ndi pakhosi.

Yachiwiri ndi weh tun, imene imayenda ngati mmene timayankhulira kwathu. Ife timati mutu ukundiwawa, wochita ntchito ndi mutu, ine ndikungolandira. Chijeremani chimachitanso chimodzimodzi: „Mir tut der Kopf weh." Mawu akuti mir akuimira „ndi" amene ali mu „ukundiwawa". Ziwalo zikakhala zingapo, tut amasanduka tun: „Mir tun die Beine weh", miyendo ikundiwawa. Njira yachiwiriyi ndi yabwino chifukwa imagwira pa chiwalo chilichonse, ngakhale chimene simukudziwa dzina lake. Mungoloza ndi chala n'kunena kuti „Hier tut es weh", pano pakuwawa. W wa Chijeremani amatchulidwa ngati v, choncho weh amamveka „vee".

N'chifukwa chiyani amandikonza ndikati „Ich bin schlecht"?

Chifukwa mwanena kuti ndinu munthu woipa. Zimene thupi likumva zimayamba ndi mir ist, osati ich bin. „Mir ist schlecht" kapena „Mir ist übel" ndi nseru. „Mir ist schwindelig" ndi chizungulire. „Mir ist kalt" ndi kumva kuzizira, „Mir ist heiß" ndi kumva kutentha. Pamenepa samalani, poti „Ich bin heiß" amamveka ngati nkhani za chilakolako. Pali ochepa amene amatenga ich bin, monga „Ich bin müde", ndatopa, ndi „Ich bin erkältet", ndili ndi chimfine.

Zina zambiri zimangotenga ich habe: Fieber ndi kutentha thupi, Husten ndi kutsokomola, Schnupfen ndi mamina, Durchfall ndi kutsegula m'mimba, Verstopfung ndi kumangika m'mimba osapita kuchimbudzi. Kusanza mumati „Ich habe mich übergeben". Kuphwanya m'thupi, kumene timakudziwa bwino, ndi Gliederschmerzen, ndipo kunjenjemera ndi kuzizidwa thupi likutentha ndi Schüttelfrost.

Ziwalo ziti zimene zimasokoneza ife olankhula Chichewa?

Zimene ife timazitchula ndi mawu amodzi koma iwo amazigawa. Tikati m'mimba timatanthauza dera lonse. Iwo dera lonselo amati Bauch, koma Magen ndi chifu chokha, chimene chili pamwamba, kunsi kwa nthiti. Pansi pa mchombo ndi Unterbauch. Mukati „Magenschmerzen" pamene ululu uli kunsi kumanja, mwamulozera dokotala kolakwika, chifukwa iye aganiza za chifu pamene kunsi kumanja kumamupangitsa kuganiza za kathumbo kamene kamatupa, Blinddarm. Mofananamo Hals ndi khosi lakutsogolo ndi m'mero, pamene kumbuyo kwa khosi ndi Nacken. Chifuwa chimene tikutsokomola ndi Husten, koma chifuwa monga chiwalo ndi Brust.

Nkhani ya mtima ndi imene ndikufuna muisamale kwambiri. Kwathu munthu amatha kunena kuti pamtima pakuwotcha, akutanthauza chilungulira, kapena kuti mtima ukumuwawa, akutanthauza chisoni. Mukamasulira mawu amenewa mmene alili n'kutchula Herz, dokotala ayamba kufufuza nthenda ya mtima. Chilungulira ndi Sodbrennen. Chisoni chosatha ndi kusowa tulo nazonso ndi nkhani za kwa dokotala, ndipo mungazinene kuti „Ich bin seit Wochen traurig und schlafe schlecht". Herz musungireni mtima weniweni, monga pamene ukugunda mothamanga, Herzrasen.

Dokotala akafunsa „Wie ist der Schmerz?", akufuna chiyani? Si ndanena kale kuti pakuwawa?

Akufuna mtundu wa ululu, chifukwa mtunduwo umamuuza kumene ululu ukuchokera. Ife tili nawo kale mawu amenewa, sitingoti kuwawa: timati kukubaya, kukuwotcha, kukupotokola, kukugunda. Ntchito ndi kungodziwa anzake a m'Chijeremani.

Ululu wobaya kapena wolasa, umene mungauloze ndi chala chimodzi, ndi stechend. Wowotcha ndi brennend, ndipo m'mimba mwapamwamba umamuganiziritsa dokotala za asidi wa m'chifu, pokodza umamuganiziritsa za matenda a m'chikhodzodzo. Wopotokola, umene umabwera n'kupita ngati wina akufinya matumbo, ndi krampfartig. Wogunda motsatira mtima, monga wa dzino lovunda, wa chithupsa kapena wa mutu waching'alang'ala, ndi pochend. Wopanikiza, ngati chinthu cholemera chakukhalirani, ndi drückend. Wokoka, umene umayenda motsatira msana kapena ntchafu, ndi ziehend. Ndipo pali dumpf, ululu wapansipansi umene suli wakuthwa, sulozeka bwino, koma sukuchoka.

Simukuyenera kupanga chiganizo chovuta. „Es brennt", kukuwotcha. „Es sticht", kukubaya. „Es pocht", kukugunda. Zimenezi n'zokwanira.

Ululu ukamachoka pamalo ena n'kufika pena, mawu ake ndi ausstrahlen: „Der Schmerz strahlt ins Bein aus", ululu ukutsikira kumwendo. Kwa munthu wa msana chiganizo chimenechi n'chofunika, poti ululu wotsikira kumwendo pamodzi ndi dzanzi umasonyeza kuti mwina mtsempha wapanikizika. Dzanzi mumati „Das Bein ist taub", ndipo kunyerenyetsa ndi „Es kribbelt".

Nanga za manambala kuyambira 0 mpaka 10?

Amafunsa kuti „Auf einer Skala von null bis zehn, wie stark?" Pa 0 palibe ululu, pa 10 ndi ululu woopsa kuposa wonse umene mungauganize. Ambiri a ife tinaleredwa kuti kupirira ndi ulemu, ndiye munthu amene sanagone usiku wonse amayankha kuti 3. Dokotala alemba 3 yemweyo n'kupereka chithandizo cha 3. Ngati ululu ukukulepheretsani kugona kapena kugwira ntchito, musatchule nambala yaing'ono. Ndi bwino kupereka manambala awiri: „Jetzt vier, nachts acht", panopa 4, usiku 8.

Mwambo womwewu umatipweteka pa moni. Dokotala akati „Wie geht es Ihnen?" sakupereka moni wa panjira, wayamba kale ntchito. „Gut, danke" pamenepa si ulemu, ndi yankho lolakwika. Nenani „Nicht so gut" n'kupitiriza ndi vuto lanu.

Seit ndi vor zikusiyana bwanji?

Seit ndi ya chinthu chimene chinayamba ndipo chikupitirira: „Ich habe seit drei Tagen Fieber", thupi lakhala likutentha masiku atatu ndipo likutenthabe. Vor imaloza tsiku limodzi m'mbuyo: „Ich bin vor drei Tagen gestürzt", ndinagwa masiku atatu apitawo. Funso la dokotala ndi „Seit wann?", kuyambira liti. Mayankho ake ndi monga seit gestern, kuyambira dzulo, seit heute Morgen, kuyambira m'mawa uno, seit einer Woche, kwa sabata imodzi. „Kwa nthawi ndithu" si yankho limene angaligwiritse ntchito, choncho werengani masiku musanachoke kunyumba.

Kodi kukambirana konse kumayenda bwanji?

Titenge chitsanzo cha mayi wogwira ntchito yosamalira okalamba. Msana umamuwawa chifukwa chonyamula odwala, wakhala akumwa mankhwala opha ululu, ndipo tsopano m'mimba mwayamba kuwotcha.

Dokotala: „Guten Tag, was führt Sie zu mir?" Takulandirani mayi, chakubweretsani n'chiyani?

Mayi: „Ich habe seit einer Woche Bauchschmerzen." M'mimba mwakhala mukundiwawa kwa sabata imodzi.

Dokotala: „Wo genau? Zeigen Sie es mir bitte." Penipeni pati? Tandilozereni.

Mayi: „Hier oben, in der Mitte, unter den Rippen." Pamwamba pano, pakati, kunsi kwa nthiti.

Dokotala: „Wie fühlt sich der Schmerz an?" Ululuwo ukumveka bwanji?

Mayi: „Es brennt. Manchmal drückt es auch." Kukuwotcha, nthawi zina kumapanikizanso.

Dokotala: „Ist der Schmerz immer da, oder kommt und geht er?" Ulipo nthawi zonse kapena umabwera n'kupita?

Mayi: „Er kommt und geht. Nach dem Essen wird es schlimmer." Umabwera n'kupita. Ndikadya zimanyanya.

Dokotala: „Ist Ihnen übel? Mussten Sie sich übergeben?" Muli ndi nseru? Mwasanzapo?

Mayi: „Mir ist oft übel, aber ich habe mich nicht übergeben." Nseru ndimakhala nayo kawirikawiri, koma sindinasanze.

Dokotala: „Wie ist der Stuhlgang? Ist der Stuhl schwarz?" Kuchimbudzi mukupita bwanji? Chimbudzi chikutuluka chakuda?

Mayi: „Nein, normal." Ayi, chili bwinobwino.

Dokotala: „Nehmen Sie Medikamente?" Pali mankhwala amene mukumwa?

Mayi: „Ja, Ibuprofen gegen Rückenschmerzen. Dreimal am Tag, seit zwei Wochen." Inde, Ibuprofen wa msana, katatu patsiku, kwa masabata awiri.

Dokotala: „Könnten Sie schwanger sein? Haben Sie Allergien?" Kodi mwina ndinu oyembekezera? Pali mankhwala kapena zakudya zimene thupi lanu limadana nazo?

Mayi: „Nein." Ayi.

Dokotala: „Legen Sie sich bitte hin und machen Sie den Bauch frei. Tut das weh?" Gonani apa, muvundukule pamimba. Pamenepa pakuwawa?

Mayi: „Ja, da tut es weh." Inde, pomwepo.

Dokotala: „Das ist wahrscheinlich eine Magenschleimhautentzündung. Bitte nehmen Sie kein Ibuprofen mehr. Ich verschreibe Ihnen Tabletten gegen die Magensäure, morgens vor dem Frühstück." Zikuoneka kuti khungu la m'kati mwa chifu latupa. Musiye Ibuprofen. Ndikulemberani mapiritsi ochepetsa asidi, muzimwa m'mawa musanadye.

Taonani pamene nkhani inatembenukira. Malo, kuwotcha, ndi kunyanya akadya zinaloza kuchifu, koma chimene chinamaliza ndi yankho la mankhwala. Ibuprofen ndi anzake monga Diclofenac amafooketsa chitetezo cha khungu la m'chifu akamwedwa masiku ambiri. Mayiyu akanati „Nein" poganiza kuti mankhwala ogula yekha sawerengedwa, dokotala akanasochera. Funso la chimbudzi chakuda nalonso silinali lachabe: chimbudzi chakuda bii ngati phula chimatha kusonyeza kuti m'chifu mukutuluka magazi, ndipo yankho likanakhala „Ja" akanamutumiza kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo. Mawu akuti Stuhl m'kalasi munaphunzira kuti ndi mpando, koma kwa dokotala ndi chimbudzi. Kukodza amati Wasserlassen.

Mawu aatali ngati Magenschleimhautentzündung asakuopseni, aduleni kuyambira kumapeto. Entzündung ndi kutupa kwa matenda, Schleimhaut ndi khungu lonyowa la m'kati, Magen ndi chifu. Mukadziwa Entzündung mwadziwanso Lungenentzündung, chibayo, ndi Blasenentzündung, matenda a m'chikhodzodzo.

Pondiyeza adzandilamula chiyani?

„Machen Sie bitte den Oberkörper frei" ndi kuvula malaya kuti amvetsere m'chifuwa. „Tief einatmen" pumirani m'kati kwambiri, „ausatmen" tulutsani mpweya, „Luft anhalten" gwirani mpweya, „Mund auf" yasamulani. Akakuuzani kuti mudzabwere kudzatengedwa magazi, Blutabnahme, muli nüchtern, akutanthauza kuti musadye chilichonse m'mawa umenewo. Madzi akumwa amaloledwa. Mayi amene sakufuna kuyezedwa ndi bambo anene pomwe akulembetsa kuti „Ich möchte bitte zu einer Ärztin."

Ndangobwera kumene kuchokera kumudzi ndipo thupi likutentha. Ndinene chiyani?

Ili ndi funso limene lingapulumutse moyo. Ku Jeremani malungo safala, ndiye dokotala akamva za kutentha thupi, mutu ndi kuphwanya m'thupi nthawi yozizira, amaganiza za chimfine chachikulu, Grippe. Sangaganize za malungo ngati simunamuuze kumene munali. Yambani ndi ulendowo, ngakhale asanafunse, ndipo muyambe nawo pafoni pomwe: „Ich war vor zwei Wochen in Malawi und habe jetzt Fieber. Ich möchte auf Malaria getestet werden." Ndinali ku Malawi masabata awiri apitawo, tsopano thupi likutentha, ndikufuna mundiyeze malungo.

Malungo ofala kwathu ndi a mtundu woopsa umene Ajeremani amautcha Malaria tropica, ndipo amatha kufika poipa m'masiku ochepa. Chitetezo chimene thupi limakhala nacho munthu akamakhala kumudzi chimachepa akakhala kunja nthawi yaitali, choncho kunena kuti ndinadwalapo kambirimbiri sikuteteza. Magazi ayezedwe tsiku lomwelo. Ngati Praxis singathe, pitani ku Notaufnahme, chipinda cholandirira odwala mwadzidzidzi pachipatala chachikulu. Mizinda ngati Hamburg, Berlin ndi Munich ili ndi zipatala za matenda a kumayiko otentha.

Chenjezo lina ndi lakuti kwathu timatha kutcha malungo kutentha thupi kulikonse. Kwa dokotala nenani zimene mukumva, Fieber, ndi nambala ya pachoyezera: 38,5 amati „achtunddreißig Komma fünf".

Sindinamve zimene wanena. Kodi si mwano kumubwereza?

Si mwano. „Können Sie das bitte langsamer wiederholen?" ndi kupempha kuti abwereze pang'onopang'ono. „Können Sie das bitte aufschreiben?" ndi kupempha kuti alembe. Kugwedeza mutu musanamve n'koopsa makamaka pa kamwedwe ka mankhwala. Papepala mukaona 1-0-1 ndiye kuti piritsi limodzi m'mawa, masana ayi, limodzi madzulo. Pakakhala nambala yachinayi ndi ya pogona.

Mukhoza kubwera ndi munthu wokumasulirani. Inshuwalansi yaboma kawirikawiri silipira womasulira. Ngati nkhaniyo ndi yoti simungafune m'bale kapena mwana wanu aimve, ndi bwino kuilemba papepala kunyumba n'kumupatsa dokotala. Lamulo limamuletsa kuulula za matenda anu kwa abwana kapena kwa achibale, ndipo chinsinsi chimenechi amachitcha Schweigepflicht. Choncho amene akumwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, kaya a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena otalikitsa moyo, awatchule onse, kapena angotenga mabokosi ake, chifukwa mankhwala ena sagwirizana.

Ndipemphe mapepala ati ndisanatuluke?

Ngati simungagwire ntchito nenani „Ich brauche eine Krankschreibung", ndikufuna umboni woti ndadwala. Lamulo likuti matenda akapitirira masiku atatu payenera kukhala umboni wa dokotala, koma abwana ali ndi ufulu woufuna kuyambira tsiku loyamba, ndiye yang'anani pangano lanu la ntchito. Kuyambira 2023, kwa amene ali pa inshuwalansi yaboma, umboniwu umayenda pa makina ndipo abwana amautenga okha, osaona dzina la matenda. Inu udindo wanu ndi kuwauza m'mawa womwewo kuti mwadwala.

Mankhwala dokotala sakupatsani m'manja. Amalemba chikalata cha mankhwala, Rezept, ndipo kuyambira 2024 zambiri zimalembedwa pa makina: mumangopita ku Apotheke, kogulitsira mankhwala, ndi khadi lanu lija. Munthu wamkulu wa pa inshuwalansi yaboma amawonjezerapo kawirikawiri mayuro 5 mpaka 10 pa mankhwala aliwonse. Akafuna kuti muonedwe ndi katswiri, Facharzt, akupatsani kalata yotchedwa Überweisung.

Ndikadwala usiku kapena Lamlungu, ndiimbe nambala iti?

Pa matenda amene sangadikire Lolemba koma sakuopseza moyo, monga khutu lowawa kwambiri kapena kuwotcha pokodza, imbani 116117. Akuuzani kumene kuli dokotala wogwira ntchito nthawi imeneyo. Nambalayi imathandizanso Lachitatu ndi Lachisanu masana, pamene madokotala ambiri amatseka.

Moyo ukakhala pachiswe ndi 112. Zizindikiro zake ndi monga kupanikizika pachifuwa kumene kukufika kumkono kapena kunsagwada, „Ich habe Druck auf der Brust, es strahlt in den Arm aus", kubanika, „Ich bekomme keine Luft", kusanza magazi, kukomoka, „Er ist bewusstlos", kapena nkhope kupotoka mbali imodzi ndi kulephera kuyankhula mwadzidzidzi. Funso loyamba pafoni likhala la malo, choncho dzina la msewu, nambala ya nyumba ndi mzinda zikhale zolembedwa pafupi. Musadule foni mpaka iwo atakuuzani kuti amaliza kufunsa.